Mayeso awiri, m'mawa umodzi

Pa nkhani zazifupi zomwe achinyamata amalemba, kaya za mpikisano wa kusukulu kaya zotumiza ku masamba a Chichewa a nyuzipepala, mayeso sasowamo. N'zosadabwitsa, poti kwa munthu wa zaka 18 kapena 20 palibe tsiku lomwe linamusowetsapo tulo ngati lolowa m'chipinda cha mayeso. Mwa nkhani za mtunduwu ilipo imodzi yooneka yosavuta kulemba, koma yomwe imavuta kuti owerenga aikhulupirire. Wophunzira watenga taimutebulo, wapeza kuti mapepala awiri omwe analembetsa aikidwa tsiku limodzi ndi nthawi imodzi, ndipo ayenera kulemba limodzi n'kutaya linalo.

Chomwe chimavuta n'chakuti m'moyo weniweni kuwombana kwa mayeso sikukakamiza munthu kusankha kawirikawiri. Mphunzitsi amene anayang'anirapo mayeso akawerenga zoti mwana analira usiku wonse chifukwa mapepala awiri a bungwe limodzi, olembedwera pasukulu imodzi, awombana, amangopukusa mutu. Iye akudziwa kuti vuto lotere limathera mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Owerenga akangozindikira kuti mpangankhani anali ndi potulukira, koma mlembi wangopatsinzinira dala, chisoni chawo chimathera pomwepo. Choncho mlembi wa nkhaniyi, asanaganize za misozi, ayenera kudziwa makomo onse omwe wophunzira weniweni angatulukire, kenaka awatseke limodzilimodzi owerenga akuona, ndiponso popanda kunamizira malamulo a mayeso.

Mmene mayeso amawombanirana

Tiyambe ndi mayeso omwe ambiri tikuwadziwa. A MSCE amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, lomwe linakhazikitsidwa mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Dziko lonse limalemba pa taimutebulo imodzi, ndipo oikonza amadziwa maphunziro omwe ana amatengera pamodzi, ndiye amawatalikitsa. Mwana wa Fomu 4 amene akulemba MSCE yokha sayembekezeka kupeza Chingerezi ndi Masamu zitaikidwa nthawi imodzi. Mlembi amene wamanga nkhani yake pamenepa walakwitsa chiyambire.

Kumene ophunzira amasankha maphunziro mwaufulu kwambiri, kuwombana kumachitikadi, ndipo kuli ndi malamulo ake. Ku Britain mabungwe a mayeso amatsatira malamulo a JCQ. Mapepala awiri owombana akakhala kuti onse pamodzi sapitirira maola 3, mwana amalemba limodzi, n'kupuma mphindi zosapitirira 20 akuyang'aniridwa, kenaka n'kulemba linalo. Akapitirira maola 3, pepala limodzi limatha kusunthidwa kuchoka m'mawa kupita masana a tsiku lomwelo, ndipo nthawi yonse ya pakatiyo mwana amakhala pamaso pa woyang'anira, wopanda foni, osayankhulana ndi anzake omwe alemba kale. Mayeso a tsikulo akachuluka kupitirira maola 5 ndi theka kwa a GCSE, kapena maola 6 kwa a kalasi zapamwamba, pepala lina lingathe kulembedwa m'mawa mwake, koma pakhale munthu wamkulu wovomera kumuyang'anira mwanayo usiku wonse. Sukulu zomwe zimalembetsa mayeso a Cambridge, kuphatikizapo zina za kuno kwathu, zili ndi dongosolo lofanana nalo lomusunga mwana pamaso pa oyang'anira.

Zomusunga munthu chonchi si zachilendo kwa amene analemba mayeso a sayansi ochita ndi manja pasukulu yochepa zipangizo. Ana amalowa m'magulu, ndipo gulu lomwe likudikira limakhala m'chipinda china kuti lisakumane ndi lomwe latuluka. Cholinga chake n'chimodzi, kuti amene sanalembe asamve mafunso kwa amene walemba.

M'makoleji ndi m'mayunivesite vutoli limagwera kwambiri wophunzira amene akubwereza phunziro la chaka chatha uku akupitiriza ndi maphunziro a chaka chino. Okonza taimutebulo amaona chaka chilichonse pachokha, ndiye wobwereza amagwera pakati. N'chifukwa chake makoleji ambiri amayamba akhoma taimutebulo yongoyembekezera, kuti amene mayeso ake awombana akanene isanatuluke yeniyeni. Apanso khomo lilipo, ndipo mlembi amene akufuna kulitseka ayenera kutiuza chifukwa chomwe mpangankhani wake sanakanene nthawi ilipo.

Chomwe bungwe la mayeso silingachite ndi kulola munthu mmodzi kulemba pepala pa nthawi yakeyake atakhala maola angapo kunja, kumene palibe akumuona. Ena amaona ngati kumeneku n'kuuma mtima, koma tikumbuke zomwe zinachitika mu Novembala 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anali atabedwa n'kufalikira, ndipo ana onse anakalembanso mu Januwale 2021. Pepala likangodziwika kunja, amene amavutika ndi ana a dziko lonse. Woyang'anira mayeso amene akukana pempho la mwana mmodzi amakhala akuteteza ena onsewo, ndipo nkhani yabwino iyenera kumuonetsa choncho, osati ngati munthu wankhanza.

Tsono msampha weniweni uli pamene pali mabungwe awiri osiyana, malo olembera awiri otalikirana, ndi munthu mmodzi amene analembetsa konseko. Bungwe lililonse lakonza taimutebulo yake bwinobwino, palibe lomwe lalakwa, ndipo palibe lomwe lili ndi udindo wosintha chifukwa cha linzake. Kulembetsa ndi kulipira kumachitika miyezi ingapo taimutebulo isanatuluke, motero munthu amalipira asakudziwa masiku. Nkhani yomwe ndakonza kuti tiione pano yakhazikika pamenepa, ndipo anthu ake onse ndi ongopeka.

Tadala ndi malume ake

Mpangankhani wathu timutche Tadala, wa zaka 21, wa kumudzi kwina ku Dedza. Analemba MSCE zaka ziwiri zapitazo n'kukhoza, koma Bayoloje anapeza 7. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndiwo apamwamba kwambiri, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kungokhoza chabe, ndipo 9 n'kulephera. Tadala amafuna unamwino, ndipo sukulu za unamwino zimayang'ana makirediti m'maphunziro a sayansi. Ndiye kuti chomwe chamutsekereza ndi giredi imodzi yokha, kuchoka pa 7 kufika pa 6. Ndasankha dala kuti mpata wake ukhale wochepa chonchi, chifukwa owerenga amamvetsa msanga munthu amene anaphonya pang'ono n'kulephera kuiwala.

Malume ake, alongo awo a mayi ake, ali ndi kasitolo ka zipangizo zomangira ku Lilongwe. Mwa mwambo wa Achewa, malume ndiwo mwinimbumba, ndipo ana a mlongo wawo ndi udindo wawo. Anamutenga Tadala kuti azikhala nawo ku Kawale, namulipirira maphunziro a zowerengera ndalama, omwe mayeso ake amakonzedwa ndi bungwe lina lapadera kawiri pa chaka. Ndalama zake anazitenga pa zomwe ankasungira malata a nyumba yawo. Mnzawo wina wa bizinesi analonjeza kuti Tadala akangomaliza gawo lino adzamulemba ntchito yosunga mabuku, koma malowo sadikira. Kwatsala pepala limodzi kuti gawolo lithe.

Mtengo wa maphunzirowa ndauyeza m'malata, osati m'makwacha, ndipo ndikulangiza alembi ena kuchita chimodzimodzi. Ndalama yomwe ikuoneka yambiri chaka chino imadzaoneka yochepa pakapita zaka zitatu, ndipo nkhani imakalamba nayo. Denga lodontha nthawi ya dzinja aliyense amalidziwa, chaka chilichonse.

Chomwe malume sakudziwa n'chakuti Tadala analembetsanso MSCE ngati wolemba wapadera. Ndalama anazipeza poluka anthu tsitsi Loweruka ndi Lamlungu. Analembetsa ku Dedza, pasukulu ya kufupi ndi kwawo, chifukwa kumeneko ndi kumene aphunzitsi amamudziwa, komanso chifukwa n'kutali ndi maso a malume. Anaganiza kuti adzanena kuti akukaona mayi ake, adzalembe, adzabwerere, ndipo adzaulule zonse zotsatira zikadzatuluka. Mapepala ena onse a MSCE agwa masiku omwe alibe chochita ku Lilongwe. Koma pepala la Bayoloje laikidwa Lachiwiri 8 koloko m'mawa, ndipo pepala lomaliza la zowerengera ndalama laikidwa Lachiwiri lomwelo 9 koloko.

Chinsinsichi chikugwira ntchito zingapo nthawi imodzi. Chikufotokoza chifukwa chake malo olembera atalikirana. Chikufotokoza chifukwa chake Tadala sangathamangire kwa munthu wamkulu amene akanamuthandiza kuganiza. Koposa zonse, chikusandutsa vuto la taimutebulo kukhala vuto la pakati pa anthu awiri okondana. Mapepala paokha alibe chomwe angatikhudze nacho. Chomwe chimatikhudza n'chakuti pepala lina lanyamula ngongole ya chiyamiko kwa malume, ndipo lina lanyamula moyo womwe mtsikanayu akuufuna yekha.

Tsopano titseke makomo. Loyamba lomwe wowerenga aliyense angaganize ndi la liwiro: alembe ku Dedza, athamangire ku Lilongwe. Apa mlembi achite masamu ake poyera. Kuchokera pa boma la Dedza kufika mu mzinda wa Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. M'nkhani yathu pepala la Bayoloje ndi la maola 2, ndiye litha 10 koloko. La ku Lilongwe ndi la maola 3, kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko. Minibasi siinyamuka isanadzaze, ndipo iima pa Chimbiya, pa Linthipe, pa Kamphata ndi pa Nathenje. Ngakhale itayenda bwino chotani, Tadala afika anzake akutolera mapepala. Atati atuluke msanga m'mayeso oyambawo sizithandizabe, chifukwa mabungwe a mayeso salola munthu kutuluka nthawi yomwe wafuna, ndiponso salola wochedwa kwambiri kulowa. M'nkhani, masamu amenewa awachite Tadala mwini, usiku, kuseri kwa kope, kawiri kapena katatu, akuyembekeza kuti mwina yankho lisintha. Owerenga akamuona akuwerengera okha amakhala atavomereza kuti khomo ili latsekekadi.

Khomo lachiwiri ndi lopempha. Tadala aimbire foni mphunzitsi wamkulu wa ku Dedza, ndipo zokambirana zawo zisatalike.

"Aphunzitsi, kodi sizingatheke kuti ine ndidzalembe masana? Mudzandisunge m'chipinda, foni mudzatenge."

"Mwanawe, ndidzakusunga bwanji iwe uli ku Lilongwe? M'mawa wonse udzakhala kumene ife sitikukuona. Emvulopu imatsegulidwa pamaso pa onse, ndipo tikatha mayankho amamatidwa nthawi yomweyo. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanakuthandiza, koma pa izi ndilibe."

Mawu ochepawa akuonetsa kuti Tadala ndi wanzeru, poti njira yosungidwa m'chipinda akuidziwa, ndipo akuonetsanso chifukwa chenicheni chomwe njirayo singagwire pano. Ku ofesi ya bungwe linalo yankho likhale la mtundu womwewo, koma mlembi asalilembe lonse. Chiganizo chimodzi chikwanira: anamuuza mwaulemu kuti akhoza kudzalemba ulendo wotsatira, pakapita miyezi 6, atalipiranso.

Khomo lachitatu ndi lachinyengo, ndipo nkhani yonena zoona siyenera kulibisa, chifukwa m'moyo weniweni pamapezeka wina wolitchula. Mnzake wa Tadala anganene kuti apeze munthu wokamulembera ku Dedza, kapena agule chikalata cha kuchipatala chonena kuti anadwala. Tadala akane, koma asakane ndi ulaliki. Akane chifukwa chiphaso cha mayeso chili ndi chithunzi chake, aphunzitsi a ku Dedza amamudziwa nkhope, ndipo kulemberana mayeso ndi mlandu woti munthu amamangidwa nawo. Akanenso chifukwa watopa kale ndi bodza limodzi lomwe wasenza miyezi yonseyi. Ndime imodzi ikwanira apa. Mlembi akachedwapo, nkhani isanduka ya kubera mayeso, yomwe ndi nkhani ina.

Makomo atatsekeka, chotsala ndi kuyeza zomwe atataye mbali iliyonse, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti mlembi ayenera kudekha kwambiri. Akasiya pepala la ku Lilongwe, adikira miyezi 6, alipiranso, ntchito ija ipita kwa wina, ndipo malume adziwa kuti anawabisira. Akasiya Bayoloje, adikira chaka chathunthu chifukwa MSCE imalembedwa kamodzi pa chaka, giredi ya phunzirolo yawonongeka poti imachokera pa mapepala ake onse, ndipo ndalama zonse zoluka tsitsi zapita pachabe. Chinanso n'chakuti akangoyamba ntchito yosunga mabuku, n'kutheka kuti sadzapezanso mpata wobwerera ku Bayoloje. Pa kalendala, miyezi 6 ndi yochepa poyerekeza ndi chaka, ndiye wina anganene kuti yankho n'lodziwikiratu. Koma mbali ya miyezi 6 ndiyo ili ndi malume, denga ndi ntchito. Kulemera kwa mbali ziwirizi kuyenera kukhala kwa mitundu yosiyana, kuti pasapezeke sikelo imodzi yoziyezera zonse. Zikangoyezeka pa sikelo imodzi, kusankha kwatha, kwangotsala kuwerengera.

N'chifukwa chake malume sayenera kukhala oipa. Alembi ambiri ongoyamba kumene amafuna kuti owerenga akhale mbali ya mpangankhani, ndiye amapanga womulipirira kukhala wankhanza, waumbombo, kapena wofuna kumudyera masuku pamutu. Akatero, kusiya pepala la malume sikupweteka, ndipo nkhani yafa. Malume a Tadala ndi munthu amene anaona mwana wa mlongo wawo atakhala pakhomo wopanda chochita, nachita zomwe akanatha. Maganizo awo ndi omveka: ntchito ilipo lero, pamene unamwino ukufuna kuti akhoze Bayoloje, asankhidwe, apeze fizi, aphunzire zaka zingapo, kenaka adikire kulembedwa. Munthu wamkulu aliyense amene analerapo ana angagwirizane nawo. Owerenga ayenera kufika poganiza kuti mwina malume akunena zoona.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe kamasintha nkhani yonse. Mayeso a ku Dedza akuyamba 8 koloko m'mawa, ndipo palibe munthu wanzeru amene angadalire minibasi ya m'mamawa pa tsiku la mayeso. Tadala ayenera kukagona ku Dedza. Ndiye kuti nthawi yosankha si Lachiwiri m'mawa ayi, koma Lolemba masana, pamene ayenera kukwera kapena kusakwera. Ndipo ngati akufuna kuchoka mwaulemu, ayenera kuyankhula ndi malume Lamlungu madzulo. Pampondachimera pa nkhaniyi tsono pachoka m'chipinda cha mayeso n'kupita pakhonde la nyumba ya ku Kawale. Mlembi amene wamvetsa za kayendedwe ka minibasi wapeza malo oyenera a chochitika chake chachikulu popanda kuchita kukakamiza.

Chochitikacho ndachilemba motere.

Malume anali pakhonde, akuwonkhetsa zogulitsa za sabatayo m'kope la kusitolo. Tadala anagwada chapatali pang'ono.

"Malume, ndili ndi mawu."

"Yankhula. Mayeso si mkuja? Bwanji sukuwerenga?"

"Mkuja ndili ndi mayeso awiri, malume. Ena ndi a Bayoloje, ku Dedza. Ndinalembetsanso Fomu 4."

Anatseka kope lija, cholembera chili mkati.

"Ndalama unazitenga kuti?"

"Zoluka tsitsi zija."

"Mayi ako akudziwa?"

"Akudziwa."

"Ndiye kuti wosadziwa ndinali ine ndekha, amene ndikugona m'nyumba yodontha."

Tadala sanayankhe. Malume anayang'ana kumsewu kwa kanthawi.

"Tsono wabwera kudzapempha nzeru, kapena kudzatsanzika?"

"Ndabwera kuti mumve kwa ine, malume, musadzamve kwa anthu."

Taonani kuti palibe amene wanena kuti wakhumudwa, wakwiya kapena wachita manyazi. Kutseka kope ndi kutchula denga kwanena zonsezo. Funso la malume lomalizalo ndilo mtima wa nkhani, chifukwa likumukakamiza Tadala kuvomera kuti anasankha kale. Yankho lake silikutchula pepala lililonse, komabe owerenga amva kumene akupita. Mwana wolemekeza akulu sanganene kwa malume ake kuti sindilemba mayeso anu, ndipo mlembi amene angamuyankhulitse choncho ndiye kuti sanamvetsere mmene anthu amayankhulirana pakhomo. Ulemu wa Tadala ndiwo ukupangitsa kuti mawu ake ochepawo alemere.

Mathero omwe ayenera kukanidwa

Nkhani ikafika apa, mlembi amayamba kumumvera chisoni mpangankhani wake, ndipo chisonicho chimamunyengerera kuti amupulumutse. Mwadzidzidzi wailesi ilengeza kuti mayeso ena asunthidwa. Kapena patulukira munthu wachuma wa galimoto yothamanga. Kapena malume amwetulira n'kunena kuti ankangomuyesa. Choipitsitsa ndi chija chakuti Tadala adzidzimuka n'kupeza kuti anali maloto. Mathero onsewa akubweza zomwe nkhani inatilonjeza. Tinauzidwa kuti mtsikanayu ataya china chake, tinakhala naye mpaka usiku akuwerengera makilomita, ndipo pomaliza tikuuzidwa kuti sanataye kanthu. Wowerenga amamva kuti wapusitsidwa, ndipo sakulakwa.

Mathero ena oyenera kusamala nawo ndi otsekera pa mwambi. Pa nkhani ngati iyi mwambi uli pafupi kwambiri, uja wakuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ambiri angauike pa mzere womaliza ngati phunziro. Ine ndikuona kuti kutero n'kumuweruza Tadala mopanda chilungamo. Iye sanalembetse mayeso awiri chifukwa cha dyera. Achinyamata ambiri amachita zimenezi chifukwa mipata ya sukulu ndi ya ntchito ndi yochepa, ndipo munthu amagwira chomwe chapezeka uku akuyesabe chomwe mtima ukufuna. Mwambiwo ungathe kulowa m'nkhani, koma utuluke pakamwa pa mpangankhani wina, mwina akazi a malume akuyankhula kukhitchini mokweza kuti Tadala amve. Ukatero umakhala maganizo a munthu mmodzi pakati pa ena, ndipo owerenga ali ndi ufulu wogwirizana nawo kapena ayi.

Kodi Tadala akanatha kusankha pepala la ku Lilongwe? Akanatha, ndipo ikanakhala nkhani yabwinonso, ya munthu amene waika ngongole ya chiyamiko patsogolo, n'kulowa m'chipinda cha mayeso 9 koloko akudziwa kuti ku Dedza anzake atha kale ola limodzi akulemba, ndipo desiki yokhala ndi nambala yake ili yopanda munthu. Chofunika n'chakuti zomwe wasankha zichokere mu khalidwe lomwe taona kuyambira pachiyambi. Mtsikana amene anatha miyezi akuluka tsitsi mpaka zala kutupa, n'kumawerenga Bayoloje anthu onse atagona, wationetsa kale kumene mtima wake uli. Akanati asankhe za malume, mlembi akanayenera kudzala zizindikiro zina poyamba, monga kumuonetsa akuika mabeseni pansi pa denga lodontha usiku wa mvula, akudziwa kuti malatawo anathera pa iye. M'nkhani yanga chochitika cha mabesenicho chilimo ndithu, koma ndachiika kuti kuchoka kwake kupweteke.

Tsiku la mayeso lenilenilo ndimalidutsa mwachangu. Alowa, aonetsa chiphaso, akhala pansi, atembenuza pepala. Sindifotokoza mafunso, ndipo sindinena kuti anayankha onse mosavuta. Chokhacho chomwe ndimasunga ndi pamene wotchi ya pakhoma ifika 9 koloko, iye n'kuiyang'ana, kenaka n'kupitiriza kulemba. Kuyambira mphindi imeneyo sangathenso kubwerera, ndipo owerenga akudziwa chomwe chikuchitika ku Lilongwe popanda kuuzidwa.

Zotsatira za mayeso sindizitchula, ndipo ndikudziwa kuti ena sakondwa nazo. Chifukwa chake n'chakuti zotsatira zimasanduka chigamulo. Tadala akapeza 3, nkhani ikunena kuti anachita bwino kusamvera malume. Akapezanso 7, ikunena kuti analakwa. Koma pamene ankasankha sankadziwa chomwe adzapeze, ndipo kulimba mtima kwake kapena kulakwa kwake kuyenera kuyezedwa ndi zomwe ankadziwa Lamlungu lija. Ndiponso zotsatira za MSCE zimatenga miyezi kuti zituluke, pamene nkhani yaifupi imayenda bwino ikakhala m'masiku ochepa. Yathuyi ikuyamba Lachinayi pamene Tadala waika mataimutebulo awiri pamodzi, ndipo ikutha sabata yotsatira. Kudumpha miyezi itatu pa ndime yomaliza kungamasule zonse zomwe zinamangidwa.

M'malo mwa zotsatira, nkhani ikutha ndi kubwerera kwake ku Kawale, poti kumeneko ndi kumene kuli mtengo wa zomwe wachita. Ntchito ija yapita kwa mwana wa munthu wina. Malume sanamuthamangitse, koma sanamukhululukirenso ndi mawu. Amuitanira kusitolo, namupatsa kope la zogulitsa kuti aziwonkhetsa madzulo alionse, namuuza kuti ndalama zolembetsera pepala lomwe anasiya adzazipeza yekha, ndipo adzalemba ulendo wotsatira, afune asafune. Tadala avomera. Mlembi amene akufuna kudziwa ngati mathero ake agwira awerengere anthu awiri nkhaniyo, wachinyamata ndi wamkulu amene analipirirapo mwana wa mbale wake sukulu, kenaka awafunse payekhapayekha kuti wolakwa ndani. Onse akatchula munthu mmodzi, abwerere ku zochitika za pakati, chifukwa mbali imodzi yapepuka, ndipo kawirikawiri imakhala ya malume.